Kalata ya loya wa mwini nyumba itandipeza pa foni kuchokera ku Joni

Achemwali anga amachita lendi chipinda ku Joni, pa R2,500 pamwezi. Ntchito itawathera anatsalira miyezi iwiri, ndipo Lolemba pa 3 Malichi 2025 munthu wina anawapatsira kalata ya Chingerezi pageti. Anaijambula n'kunditumizira pa WhatsApp, pansi pake uthenga wa mawu: "Achimwene, akuti chiyani apa? Anditulutsa liti?"

Sindinathamangire kumasulira. Chithunzi chinali chopendekeka, mutu wa kalata wadulidwa, chala chawo chachikulu chitaphimba ngodya yam'munsi. Ndinawapempha ayale pepalalo patebulo pafupi ndi zenera, ajambule ngodya zonse zinayi zikuoneka, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo atumize ngati Document kuti zilembo zisafufutike. Ndinapemphanso masamba onse a mgwirizano wa lendi umene anasayina polowa. Mutu ndi m'munsi mwa pepala ndi mmene mumakhala zinthu zosonyeza kuti pepalalo ndi lamtundu wanji: walilemba ndani, deti lake, ngati pali dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi sitampa. Pa la achemwali panali dzina la kampani ya maloya, deti la 27 Febuluwale ndi siginecha. Dzina la khoti panalibe, nambala ya mlandu panalibenso. Choncho chinthu choyamba chimene ndinatha kunena mtima uli m'malo chinali chakuti iyi ndi kalata yolembedwa m'malo mwa mwini nyumba, si samani, si chigamulo cha khoti.

Ndime imene inali ndi nkhani yonse inali iyi:

"You have 20 business days to remedy the breach, failing which our client may cancel the lease."

Ndinaimasulira mmene ilili, osaifewetsa, osaiwonjezera mchere: "Muli ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti mukonze zimene mwaphwanya mumgwirizano, mukalephera, amene watituma angathe kuthetsa mgwirizano wa lendi." Pamwamba pa ndimeyi anali atalemba kuti chophwanyidwacho ndi kusalipira R5,000. Mawu akuti "may" ndinawasiya kukhala "angathe", chifukwa loyayo sanalembe kuti adzathetsa. Munthu akamamasulirira m'bale wake, pakamwa pamayabwa kuti anene "akungokuopsezani" kapena "akutulutsani basi", pomwe zonse ziwiri papepalapo palibe. Ndinawasonyezanso kuti kalatayo ikunena za kuthetsa mgwirizano, osati za kutaya katundu panja. Izi ndi zinthu ziwiri, ndipo pakati pake pali khoti.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa masiku. Masiku ogwira ntchito sawerengera Loweruka, Lamulungu ndi matchuthi a boma, ndipo matchuthi ake ndi a ku South Africa, osati akwathu. Tsiku limene analandira kalatayo, 3 Malichi, kuno ku Malawi linali tchuthi chokumbukira amene anafera dziko, koma ku Joni anthu anali pantchito. Komanso 21 Malichi, limene chaka chimenecho linali Lachisanu, kumeneko ndi tchuthi cha ufulu wachibadwidwe, kuno ayi. Ndinatenga kalendala n'kuwerenga kawiri. Kuyambira tsiku lotsatira limene analandira kalata, tsiku la 20 limagwera pa 1 Epulo. Kuyambira tsiku lotsatira deti lolembedwa pakalata, limagwera pa 28 Malichi. Kalatayo sinanene poyambira. Mumgwirizano wa lendi munali ndime yonena kuti kalata imatengedwa kuti yalandiridwa liti, kutengera kuti yaperekedwa pamanja kapena yadzera ku positi, ndipo ndimeyo inkakokera ku 1 Epulo. Ngakhale zinali choncho, ndinawapatsa madeti onse awiri n'kunena kuti: "Achemwali, gwirani la 28 Malichi. Mukalipira pofika tsiku limenelo, palibe kawerengedwe kamene kangakupezeni mochedwa." Kusankha deti lolondola ndi ntchito ya loya kapena khoti. Yanga inali kuwasonyeza deti limene silingawapweteke.

Yankho lonse ndinalilemba m'mauthenga atatu osiyana, dala, kuti asasakanize mawu a kalata ndi mawu anga. Woyamba unali kumasulira kokhakokha. Wachiwiri ndinauyamba ndi mawu akuti "Izi sizili m'kalatamo, ndi zimene malamulo a kumeneko amanena kwa aliyense." Mmenemo ndinalemba kuti gawo 26(3) la malamulo aakulu a South Africa limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba imene akukhala popanda chigamulo cha khoti, ndipo lamulo la 1998 limene anthu amalitchula kuti PIE limafuna kuti munthuyo adziwitsidwe mwa kalata pasadakhale masiku 14 mlandu usanamvedwe. Amene amatulutsa munthu chigamulo chikaperekedwa ndi sherifu, osati mwini nyumba ndi anyamata ake. Kusintha loko kapena kudula magetsi pofuna kukakamiza munthu kuti achoke n'kosaloledwa, ndipo dandaulo lotere limapita ku Rental Housing Tribunal, bwalo loweruza madandaulo a lendi, kumene salipiritsa.

Atamva izi anasangalala msanga. "Ndiye kuti sangandichotse eti, achimwene?"

Apa ndi pamene womasulira amagwera m'mbuna. Kuyankha kuti "eya" kukanawagoneka tulo tabwino usiku umenewo, koma likanakhala bodza. Ndinawauza kuti lamulo limatseka njira yachidule, koma silifafaniza ngongole, ndipo siliuza khoti kuti likane pempho la mwini nyumba. Masiku 20 akatha asanalipire, mgwirizano ungathetsedwe, mlandu ungapite kukhoti, ndipo woweruza adzayang'ana zinthu zimene chithunzi sichingandionetse: malisiti a zimene analipira, zimene anagwirizana pakamwa ndi mwini nyumba, ngati m'nyumbamo muli ana kapena okalamba, ngati ali ndi kwina kopita. Ngakhale masiku 20 amenewa, amene amapezekanso m'gawo 14 la lamulo loteteza ogula la 2008, amakhudza migwirizano ya nthawi yoikika, ndipo ngati lamulolo likukhudza mwini nyumba ameneyu zimadalira mmene amachitira bizinesi yake. M'uthenga wonsewo ndinapewa mawu akuti "simudzaluza" ndi "musadandaule", n'kugwiritsa ntchito akuti "kalata ikuti", "lamulo limati" ndi "izi akayankhe ndi loya".

Uthenga wachitatu unali mafunso oti apite nawo ku Legal Aid South Africa, bungwe lothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo, kumene amayamba aona kaye ndalama zimene munthu amapeza asanamuthandize. Ndinawalemba m'Chichewa, pansi pake m'Chingerezi, kuti akangosonyeza foni. Funso lalikulu linali lakuti, akalipira gawo chabe la R5,000 tsiku lisanakwane, kodi mwini nyumba angathetsebe mgwirizano? Lina linali lakuti dipoziti yawo ingalowe m'malo mwa lendi kapena ayi, popeza iwo ankangoganiza kuti ingatero. Ndinawachenjezanso kuti pakabwera pepala lina lokhala ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi sitampa, makamaka lobwera ndi sherifu, alembe tsiku limene alilandira ndipo apite nalo kwa loya mawa lake, asadikire kuti ine ndimasulire kaye, chifukwa mapepala a khoti ali ndi masiku awoawo oyankhira.

Patangopita masiku ochepa anandiimbira kuti apeza R3,000 ndipo mwini nyumba wavomera pakamwa kuti yotsalayo abweretse kumapeto kwa Epulo. Ndinawawerengera ndime ina ya mgwirizano wawo, yonena kuti kusintha kulikonse kumagwira ntchito pokhapokha kutalembedwa ndi kusayinidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ndalamayo analipira kudzera kubanki kuti pakhale umboni, ndipo anapempha loya wa mwini nyumba kuti alembe pepala lotchula ndalama yotsala ndi deti latsopano, onse asayine 28 Malichi lisanafike.