Mmene ndinachitira kuti kamera ya foni iziwerenga mabakhodi m'golosale ya azakhali anga ku Ndirande

Pulogalamu yowerengera katundu imene ndinawalembera azakhali anga tsopano ikugwira ntchito, koma mtima wanga sunatsike pa zimene anatichita wogulitsa mafoni wina ku Limbe. Za kupempha chilolezo cha kamera ndi kuonetsa chithunzi pasikirini sindinenapo, chifukwa aliyense amene analembapo pulogalamu ya Android amazidziwa. Ndinagwiritsa ntchito CameraX potenga zithunzi ndi ML Kit powerenga makhodi, ndipo pa foni yanga zonse zinkayenda bwino: ndikaloza paketi ya sopo, nambala inkatuluka nthawi yomweyo.

Mavuto anayamba azakhali atagula foni yapadera yoti izikhala m'golosalemo. Wogulitsayo anawatsimikizira kuti kamera yake ndi yamphamvu, nawaonetsa kuchuluka kwa mamegapikiselo kolembedwa pabokosi, ngakhale iwo anamuuza momveka bwino kuti akufuna foni yowerengera mabakhodi. Titaikamo pulogalamuyo, foniyo inkangoyang'ana botolo la mafuta ophikira osatulutsa kanthu, osanenanso kuti chalakwika n'chiyani. Ndinataya tsiku lathunthu ndikufufuza m'pulogalamu imene inalibe vuto lililonse, kwinaku azakhali akugulitsa ndi kulemba m'kope monga kale, ndipo madzulo anandifunsa mwaulemu kuti, "Mwanawe, kodi sitinangotaya ndalama pamenepa?" Funso limenelo linandipweteka, chifukwa ndalama ya foniyo inachokera pa mpamba wa golosale.

Chimene wogulitsayo sananene n'chakuti kamera ya foniyo ilibe otofokasi, kutanthauza kuti diso lake silisuntha kuti lione bwino chinthu chimene chili pafupi. Kamera yotere inakonzedwa kuti izijambula anthu ndi zinthu zapatali ndithu, motero mukaiyandikiza pa bakhodi mizere imasakanikirana, ndipo mukaitalikitsa mizere imaoneka bwino koma imachepa kwambiri. Chizindikiro chake n'chosavuta: yandikizani foni pa zilembo zazing'ono za pa paketi, n'kugunda pasikirini. Ngati zilembozo sizikuyera ngakhale pang'ono, musagule. Amene mukulemba pulogalamu mungathe kuifunsa foni yeniyeniyo kudzera mu `chars`, imene ndi `CameraCharacteristics` ya kamera yakumbuyo:

```kotlin
val d = chars.get(
    CameraCharacteristics.LENS_INFO_MINIMUM_FOCUS_DISTANCE
)
```

Yankho likakhala `0.0`, diso la kameralo ndi losasuntha. Titabwerera ku Limbe, wogulitsayo anakana kuisintha ponena kuti bokosi tinatsegula kale ndipo kamera ikujambula. Kujambula inkajambuladi, koma si ntchito imene tinamuuza, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Ndikupemphani kuti popita kogula foni ya ntchito imeneyi mutenge paketi ya katundu wanu m'thumba ndi kuiyesa musanapereke ndalama.

Popeza foni inali itagulidwa, ndinayenera kupeza njira yoti igwirebe ntchito, ndipo masamu ake ndi awa. Bakhodi ya EAN-13, imene ili pa katundu wambiri wa m'magolosale athu, ili ndi timagawo 95 m'lifupi mwake, ndipo ML Kit imafuna kuti kagawo kalikonse kakhale ndi mapikiselo osachepera 2. Choncho bakhodi yonse iyenera kutenga mapikiselo osachepera 190 pachithunzi. Tsono `ImageAnalysis` ya CameraX, mukapanda kuiuza kanthu, imapereka zithunzi za 640 kwa 480. Foni ikagwidwa choimirira, m'lifupi mwa chithunzi mumakhala mapikiselo 480 okha, ndiye kuti bakhodi iyenera kudzaza pafupifupi theka la sikirini, ndipo kuti itero muyenera kuyandikira mpaka pamene kamera yosasuntha ija sionanso bwino. Nditakweza zithunzi kufika pa 1920 kwa 1080, mapikiselo 190 aja anakhala gawo laling'ono la chithunzi, moti foni inayamba kuwerenga ili patali ngati kutalika kwa mkono kuchokera pachigongono. Ndinajambula kabokosi pasikirini kosonyeza kukula kumene bakhodi iyenera kuoneka, kuti wogwira foni asamayandikire mopitirira.

Zithunzi zazikulu zimachedwetsa foni yotsika mtengo, choncho ndinachita zinthu ziwiri. Ndinagwiritsa ntchito `STRATEGY_KEEP_ONLY_LATEST` kuti zithunzi zakale zisamaunjikane, ndipo ndinauza chowerengera kuti chizifufuza mitundu yokhayo imene ili m'golosale:

```kotlin
BarcodeScannerOptions.Builder()
    .setBarcodeFormats(
        Barcode.FORMAT_EAN_13, Barcode.FORMAT_EAN_8,
        Barcode.FORMAT_UPC_A, Barcode.FORMAT_QR_CODE
    ).build()
```

Ngati pulogalamu yanu ikuwerenga kamodzi kokha kenaka n'kungokhala chete, onani ngati mukuitana `imageProxy.close()` mukamaliza chithunzi chilichonse, chifukwa popanda zimenezo kamera situmiza chithunzi chotsatira.

Ndakumbukira chinthu chimene chimafunika pachiyambi penipeni. ML Kit ili m'mitundu iwiri. Wina, `play-services-mlkit-barcode-scanning`, umatenga chowerengera chake pa intaneti pulogalamu itaikidwa kale, ndipo chisanafike sichiwerenga kanthu. Winawo, `com.google.mlkit:barcode-scanning`, umabwera nacho m'kati mwa pulogalamu, imene imakulirapo pang'ono. Foni ya m'golosale nthawi zambiri ilibe bandulo, choncho ndinasankha wachiwiriwu, ndipo ndikuona kuti ndi umene uyenera sitolo yaing'ono iliyonse kwathu kuno.

Foni itayamba kuwerenga, inayamba kuwerenga mopyola. Kamera imaona bakhodi imodzimodziyo kangapo pa sekondi, ndiye paketi imodzi ya mchere inkalowa m'kaundula ngati mapaketi angapo. Ndinakonza kuti nambala yomweyo ikabweranso pasanathe masekondi awiri isawerengedwe, komanso kuti foni izilira kamodzi ikawerenga, kuti azakhali asamayang'ane pasikirini pamene kasitomala akudikira chenji. Nambalayo muisunge ngati mawu, osati ngati nambala yowerengera, chifukwa mabakhodi ena amayamba ndi ziro ndipo ziroyo amatayika. Bakhodi ya UPC-A ili ndi manambala 12, ndipo ndi yofanana ndi EAN-13 yoyamba ndi ziro, choncho ndimaonjezera ziro kutsogolo ndisanasunge, kuopa kuti chinthu chimodzi chingalembedwe kawiri.

Shuga ndi mpunga zimene azakhali amapima okha m'timapepala, komanso mazira, zilibe bakhodi. Pa zimenezi ndinasindikiza makhodi a QR aakulu bwino, lililonse lokhala ndi nambala yaifupi ya chinthucho, n'kuwamata pakatoni imene imakhala pakauntala. Khodi ya QR imawerengeka ngakhale itapendekeka kapena itada pang'ono, ndipo ikakhala yaikulu kamera yosasuntha ija siivutika nayo. Musalembemo mtengo, chifukwa mitengo imasintha kawirikawiri ndipo mungamasindikize mobwerezabwereza.

Zotsalira ndi mapaketi apulasitiki onyezimira ndi mabotolo ang'onoang'ono amene bakhodi yake inapindika. Magetsi akazima timayatsa tochi ya foni ndi `enableTorch(true)`, koma kuwala kwake kumanyezimira papulasitiki n'kuphimba mizere, ndiye paketi iyenera kupendekedwa pang'ono. Timabakhodi tating'ono kwambiri foni iyi imalepherabe, ndipo pa timeneti ndinaika malo olembapo nambala ndi dzanja, pulogalamu n'kuitsimikizira ndi nambala yomaliza, imene ndi yoyesera ngati zinazo zalembedwa molondola. Zonsezi sizikanafunika wogulitsa uja akananena zoona, choncho ndibwerezenso: tengani paketi ya sopo kapena ya mchere, makamaka ya bakhodi yaing'ono kuposa zonse m'sitolo mwanu, ndipo foni iiwerenge pamaso panu musanalipire.