Ka apu kanga ka katundu, mwezi wachisanu ndi chitatu: alipire ndani?

Kwa amene mwangoyamba kutsatira, ka apu aka ndimakalemba usiku ndikaweruka kuntchito kuno ku Joni. Kamasonyeza matilansipota amene akupita kumudzi, tsiku lonyamuka, komanso ngati akulowera ku Mwanza kapena ku Dedza. Munthu wa ku Mayfair kapena Rosettenville amene ali ndi filiji, bedi kapena zikwama zoti zikafike ku Mangochi amadina batani n'kuimbira dalaivala. Kulembetsa pa Google Play ndinalipira madola 25 kamodzi kokha. Kwa Apple sindinayerekeze, chifukwa kumeneko ndi madola 99 chaka chilichonse, ndipo abale athu ambiri ali ndi mafoni a Android.

Mwezi uno sindinawonjezere chatsopano chilichonse pa apuyi, ndakhala pa masamu basi. Seva ndi mameseji otsimikizira manambala zikundidya R300 pamwezi, ndipo mayi a kunyumba andifunsa kale kawiri kuti choseweretsachi chidzayamba liti kudzidyetsa chokha.

Ndinayamba ndi zotsatsa malonda, monga amayambira aliyense. Zimenezi zimalipira potengera kuti zaonekera kangati, ndipo pa AdMob, njira ya Google yoikira zotsatsa m'maapu, nambala yoti muziyang'ana ndi eCPM, kutanthauza ndalama imene mumapeza chotsatsa chikaoneka maulendo 1,000. Mu Seputembala anthu 640 anatsegula apuyi. Aliyense anatsegula pafupifupi katatu, n'kuona zotsatsa zinayi pa ulendo umodzi. Zonse pamodzi ndi 7,680. Pa 1,000 iliyonse ndinkapeza R9, choncho mwezi wonse ndinapata R69. Ndalamayo siibweranso nthawi yomweyo: amadikira ikwane madola 100, kapena R1,000 ngati akaunti ili m'marandi. Pa liwiro langali ndikanadikira miyezi 15 kuti ndione malipiro oyamba.

Masamu atandivuta ndinaganiza zochulukitsa zotsatsa, n'kuikapo zija zodzaza sikirini yonse. Patangotha sabata, achimwene ena ogwira ntchito ya m'munda ku Randburg anandiimbira. "Achimwene, ka apu kanu kakutha data. Ndikufuna nambala ya dalaivala, mukundionetsa za masewera." Zoona ndithu. Munthu wogula data ya tsiku limodzi ndiye ankalipira zotsatsazo ndi bandulo yake, ine n'kumalandira masenti. Zotsatsa zimapindulira apu yotsegulidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu zikwizikwi, monga gemu kapena nkhani za mpira. Yanga munthu amaikumbukira akakhala ndi katundu basi. Ndinazichotsa zonse.

Zolipira pamwezi sindinachedwe nazo. Ndinaika R15. Chilichonse cha m'foni chogulitsidwa mkati mwa apu chimadutsa kwa Google, ndipo pa zolipira pamwezi amadulapo 15 pa 100 iliyonse. Kunditsalira R12.75 msonkho usanachoke, ndiye kuti pafunika anthu osachepera 24 kuti R300 ija ikwane. Analipira asanu. Atatu anasiya mwezi wotsatira, ndipo sindikuwadandaula: munthu wotumiza katundu kawiri pachaka alipiriranji miyezi 12? Komanso ambiri mwa ife timalandira malipiro pamanja, khadi yolumikiza ku foni tilibe.

Komishoni ndiyo inandikopa kwambiri, ndipo ndiyo yandiphunzitsa zambiri. Papepala imaoneka bwino. Kunyamula katundu ndi ntchito yochitika pamsewu, si chinthu cha m'foni, kotero Google sadulapo kanthu. Ndinagwirizana ndi matilansipota 11 kuti pa kasitomala aliyense wochokera pa apu azindipatsa 5 pa 100 iliyonse. Katundu wa R800, ine R40. Mu Okutobala batani loimbira linadinidwa ndi anthu 52. Akanakhala kuti theka lokha anatumizadi katundu, ndikanapeza R1,040. Madalaivala anandiuza za makasitomala 9. Mwa 9 amenewo ndinalandira ya anthu 6, yomwe ndi R240, ndipo ina ndinachita kuilondola ndekha pafupi ndi Park Station Loweruka m'mawa, kulipira takisi ndi ndalama yomweyo.

Poyamba ndinkati andibera. Nditakhala pansi ndinaona kuti vuto ndi kapangidwe kanga. Makampani okhalira komishoni, monga a magalimoto oitanitsa pa foni, amaona ulendo wonse kuyambira poyambira mpaka pothera, ndipo nthawi zambiri ndalama imayamba yadutsa m'manja mwawo. Ine ndimaona kudina kwa batani, basi. Zotsatira zake zimachitikira pa WhatsApp: kutumizirana zithunzi za katundu, kunenerera mtengo, kulipira theka kuno theka kumudzi. Dalaivala amene wadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, masiku angapo pamsewu, sangakumbukire kuti mayi wa zikwama zitatu uja anamupeza kudzera pati. Ndipo mayiyo akadzafunanso kutumiza, nambala ali nayo kale.

Nditha kutseka dzenjeli pobisa manambala n'kumalandira ndalama ndekha. Koma pamenepo ndasanduka wosunga ndalama za anthu. Filiji ikakaphwanyika panjira, kapena katundu akakagwidwa pa boda chifukwa cha msonkho, foni yolira usiku ikhala yanga. Pa R40 ayi.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire woyendetsa thiraki ya ku Mzimba. Tikumwa tiyi ku Fordsburg anati, "Mwana wanga, zowerengetsera makasitomala zitidanitsa. Tchula ndalama ya pamwezi, ngati lendi ya shopu." Ndinabwerera kunyumba ndikudziseka. Anthu 640 aja ndinkawaona ngati msika wanga, chikhalirecho amene amapeza ndalama pa apuyi ndi anthu 11. Kwa wotumiza, R15 ndi ndalama ya buledi. Kwa tilansipota, R100 imabwerera pa kasitomala mmodzi.

Novembala uno ndi mmene ndachitira. Otumiza salipira kanthu. Tilansipota amalipira R100 pamwezi kuti maulendo ake aoneke. Mu apu mulibe batani lolipirira. Timagwirizana pamaso, ndalama amaponya kubanki, maulendo ndimalowetsa ndekha. Avomera 7, anayi akana. Yalowa R700, kuchotsa R300, kwatsala R400. Si ndalama yomangira nyumba ku Area 25, koma ndi mwezi woyamba umene sindinapise m'thumba.

Kudina kwa batani kuja, kumene kunali kosathandiza pa komishoni, tsopano ndi umboni wanga. Kumapeto kwa mwezi ndizitumizira dalaivala aliyense uthenga wonena kuchuluka kwa anthu amene anadina nambala yake. Ndimawerenga motere:

```sql
SELECT dalaivala, COUNT(DISTINCT munthu)
FROM kudina
WHERE mwezi = 11
GROUP BY dalaivala;
```

Liwu la DISTINCT pamenepo n'lofunika. Popanda ilo, munthu mmodzi woimba kasanu chifukwa foni sikuyankhidwa amaoneka ngati makasitomala asanu, ndipo dalaivala akazindikira kuti nambala zanga n'zofufuma sadzandikhulupiriranso.

Mmodzi wapempha kulipira R300 kuti dzina lake lizikhala pamwamba. Ndakana. Mndandanda uzitsata tsiku lonyamuka, chifukwa anthu akadzadziwa kuti wapamwamba ndi wolipira zambiri, abwerera kukafunsa m'magulu a WhatsApp monga kale.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi Januwale. Pano aliyense akutumiza za Khisimasi ndi ndalama za feteleza, magalimoto akudzaza okha. Chaka chikatembenuka katundu amachepa, ndipo R100 ija idzayamba kulemera. Ndikuganiza zoti Januwale ndi Febuluwale azidzalipira R50. Ngati onse 7 atsala, ndi R350, seva ilipirika. Akachoka awiri ndibwereranso m'thumba ndi R50, ndipo mayi a kunyumba ndawauziratu.