Wapampando ali ku Joni, cheke chikufuna siginecha yawo

Feteleza wafika dzulo, mochedwa ndi masabata atatu, ndipo mtima wanga sunatsikebe. Ndine mlembi wa kagulu ka alimi a soya ndi chimanga kuno ku Mchinji. Akaunti yathu imafuna anthu awiri asaine, wapampando ndi msungichuma. Mu Okotobala wapampando anathamangira ku Joni kukadwazika mwana, chidindo cha gulu nacho chili chotsekeredwa m'kabati mwawo.

Mnyamata wina wa makompyuta pa boma anati nkhaniyi ndi yaing'ono: tijambule siginecha yawo pa kalata yakale, tiyimate pa kalata yopempha kutumiza ndalama kwa wogulitsa feteleza, chidindo atisemera china. Wapampando pafoni anati, "Pangani basi, ndavomereza." Ndinatsala pang'ono kutero. Anandiletsa ndi amayi msungichuma. Anati, "Alembi, zikadzavuta mudzaonetsa chiyani? Foni?"

Ankanena zoona. Kusaina dzina la munthu wina popanda chilolezo chake, ndi cholinga chonamiza, ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo chilolezo cha pakamwa chilibe umboni. Membala mmodzi akadandaula za ndalamazo, wogwidwa ndi iwe amene unamata. Komanso a banki si ana. Ali ndi khadi lomwe aliyense anasainapo potsegula akaunti, ndipo siginecha yomata imaoneka: pepala silibonyeka kumbuyo ngati mmene cholembera chimachitira, ndipo imafanana ndendende ndi yakale ija, pamene dzanja la munthu silibwereza chimodzimodzi. Ndalama zikakhala zambiri amaimbiranso mwini siginechayo.

Njira yake ndi yakuti wopatsidwa mphamvu amasaina dzina LAKE, osati la mnzake. Pa makalata wamba, wachiwiri kwa wapampando amalemba "p.p." kapena "m'malo mwa wapampando" n'kusaina yekha. Koma pa ndalama zimenezo sizikwanira. Banki imangodziwa anthu amene ali pa khadi lija, ndiye pafunika kuwonjezerapo munthu.

Tinaitanitsa komiti. Onani kaye malamulo a gulu lanu kuti pafunika anthu angati kuti chigamulo chigwire ntchito. Ife tinabwerera tsiku loyamba chifukwa tinaperewera mmodzi. M'maminitsi tinalemba dzina lonse la wachiwiri kwa wapampando monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti, kuti azisaina pamodzi ndi msungichuma osati yekha, ndiponso tsiku lomwe mphamvuzo zidzathe. Tsikulo musalisiye. Mukangolemba kuti "mpaka wapampando atabwera", mwadziputira mkangano.

Tsopano chomwe chinandipsetsa mtima. Wapampando analemba kalata yovomereza, anasaina, n'kuitumiza pa WhatsApp. Ndinaisindikiza bwinobwino. Tinadzuka m'mamawa anthu atatu, kabaza mpaka kumsewu, minibasi mpaka pa boma, thiransipoti yotuluka m'thumba la gulu. Ku banki tinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Titafika pa tebulo, mayi wa pamenepo anangoitembenuza kalatayo n'kunena kuti akufuna yeniyeni, ya inki. Ine ndinali nditabwera sabata yapitayo kudzafunsa zofunika, ndipo amene ndinamupeza anangoti "kalata ya wapampando". Liwu limodzi lokha, "yeniyeni", likanatipulumutsira tsiku lonse ndi ndalama za anthu osauka! Lamulolo sindikulitsutsa, chifukwa kalata yosindikiza ingathe kukhala yomata ngati ija tinkafuna kupanga ife. Chondiwawa ndi kusatiuza.

Kalata yeniyeni inabwera pa basi ya ku Joni patatha masiku asanu ndi limodzi. Tumizitsani yeniyeni tsiku lomwelo mwaganiza zopatsana mphamvu, musadikire komiti.

Ndaiwala za chidindo. Sitinaseme china. Zidindo ziwiri za gulu limodzi ndiye kuti palibe angadziwe kuti kalata inadindidwa ndi ndani. Wapampando anawonjezera mzere m'kalata muja wouza mayi a kunyumba kwawo kuti atipatse, ndipo tinasainirana m'buku la gulu, wopereka ndi wolandira, ndi deti.

Ulendo wachitatu zinayenda. Wachiwiri anafika yekha ndi chiphaso ndi zithunzi, anadzaza fomu, anasaina pa khadi latsopano pamaso pawo. Maminitsi anasainidwa ndi ine ndi membala wina amene anatsogolera msonkhano, osati wachiwiriyo, poti munthu sadzipatsa yekha mphamvu. Tinadikiranso masiku anayi kuti dzina lilowe m'makina awo.

Izi ndi za akaunti ya gulu. Ikakhala akaunti ya munthu payekha kapena nkhani ya malo, kalata wamba siithandiza. Pamafunika chikalata chopatsa mphamvu chosainidwa pamaso pa loya kapena wolumbiritsa. Ndipo pamenepanso, tengani yeniyeni, ya inki. Pamsonkhano wa Loweruka ndikupempha kuti pa khadi pakhale anthu atatu, awiri aliwonse azitha kusaina.