Mmene ndimaphunzitsira chenji ndi kamsika ka m'kalasi

Ana anga a Sitandade 4 ndimawatsegulira msika m'kalasi momwemo, madesiki atatu kutsogolo ndiye mabenchi ogulitsirapo. Tomato ndi zitsekerero za mabotolo, sopo ndi timakatoni topanda kanthu totola ku golosale, ndalama timadula mapepala nkulembapo K50, K100, K200, K500 ndi K1000. Zing'onozing'onozo mudule zambiri ndithu, chifukwa wogulitsa akayamba opanda zosintha msika umaima pa kasitomala woyamba.

Tsiku loyamba ndi la chenji basi. Mwana wagula mulu wa tomato wa K500 ndi sopo wa K350, zonse K850, wapereka K1000. Ukawauza kuti achotsere mu kope ambiri amasokonezeka ndi maziro aja pobwereka, wina akupatsa 250 wina mpaka 850, ndiye ine ndimati kope pansi kaye, tiwerenge mokweza ngati amayi a pamsika. Wogulitsa ayambire pa mtengo, anene 850, aike K50 m'dzanja la kasitomala anene 900, aike K100 anene 1000. Chenji ndi chimene chili m'dzanjamo, K150. Wogulanso asachoke pa benchi asanaphatikize yekha mtengo ndi chenji, zikapanda kukwana K1000 ndiye kuti penapake palakwika, abwereze. Akazolowera mpamene timakalemba samu ija mu kope, apa amakhala akudziwa kale yankho loyenera.

Za mitengo timachita tsiku lina, ndipo apa mpomwe pamakoma. Ine ndimakhala wa pikulitsa, gulu lililonse limaoda tomato 20 pa K2000, aunjike milu isanu ya anayi anayi, mtengo aike okha. Sindiwauza kanthu. Pamapezeka gulu loika K300 kuti makasitomala achuluke, katundu amathadi msanga akusangalala, koma powerenga ali ndi K1500 pomwe anaoda K2000, K500 yapita ndipo mawa sangaodenso. Ena amaika K1000 pa mulu, anzawo amangofunsa "bwanji mulu?" nkudutsa. Amene aika K500 amatolera K2500, phindu K500.

Kenako timakhala pansi nkuwerengera limodzi kuti tomato mmodzi anabwera pa K100, mulu umodzi K400, ndiye mtengo uliwonse wotsika kuposa pamenepo ukudya mpamba. Kunenerera ndimalola, banyira nayenso, koma tomato wa banyirayo alembedwe kuti ndi K100 yachoka pa phindu.

Chimene sindilola ndi milu yosafanana, wa mnzako anayi wa wina atatu mtengo womwewo, kapena kukweza mtengo poona kuti wogula ndi wamng'ono sadziwa kuwerenga. Ndimasankha ana awiri akhale oyang'anira msika, aziyenda kuwerenga milu ndi kuona ngati mtengo walembedwa poonekera. Musinthe ogulitsa pafupipafupi, apo ayi ochenjera okhaokha ndi amene agwire ndalama, amanyazi azingoonerera mpaka belu kulira.