Rigileti yabwera, koma ndawayankha

Lachiwiri usiku, tulo sitikubwera ndiye bola ndilembe.

M'ma 10 koloko m'mawa foni inalira, kuyang'ana ndi imelo yochokera kukampani ija ndinakapangako intavyu masabata awiri apitawo, ntchito ya wothandizira ku akaunti. Mzere woyamba wokha ndinadziwiratu kuti zakanika, paja akayamba ndi kukuthokoza kwambiri ndiye kuti kumunsiko kuli rigileti. Ma intavyu awiri, mayeso a Excel aja ndinachezera nawo usiku, basi zathera pomwepo.

Ndisaname, zomwe ndinalemba poyamba zinali zaukali, ndime zitatu zathunthu, kufunsa kuti ndinalakwitsa pati, kuwakumbutsa zaka zanga zinayi pantchitoyi ngati kuti sanaziwone pa sivi. Mwayi wake sindinatumize, ndinayamba ndaimbira achemwali anga omwe akhalitsa mu ofesi yolemba anthu ntchito nkuwawerengera. Anangoti, "Iwe, fufuta zimenezo. Panelo inagamula kale, kalata yako siisintha kanthu, ungowasiyira chithunzi cha munthu wovuta. Tandiwerengere yawoyo."

Nditawerenga anandionetsa zomwe ine ndi mkwiyo wanga sindinazione. Imeloyo sinachoke ku adiresi yoyamba ndi noreply, analemba ndi mayi omwe ankatsogolera panelo aja, dzina lawo lili mmunsi, komanso muli mawu akuti tinatsala anthu atatu kumapeto. Achemwali akuti ikakhala ya noreply, yofanana kwa aliyense, iwe sunafike ndi pa intavyu pomwe, kuyankha nkutaya nthawi chifukwa palibe amaiwerenga. Koma ngati unafika kumapeto nkhani ndi ina, amene amusankhayo akhoza kukana malipiro, kupeza kwina, kapena kulephera pulobeshoni, ndipo kulengezanso ntchito nkuyambiranso ma intavyu ndi chintchito cha masabata angapo, ndiye ambiri amayamba atsegula kaye fayilo ya wachiwiri uja.

Ndinalembanso, ulendo uno mwaulemu ndithu, nkumaliza ndi mawu akuti mundikumbukire pakapezeka ntchito ina iliyonse. Achemwali kuseka. "Iliyonse? Ya ulonda akuitane? Ya udalaivala?" Apa mpomwe ndinatolapo nzeru lero. Munthu amene ali ndi ma sivi mulu sakhala pansi nkumakuganizira kuti ungakwane pati, ukati iliyonse wamupatsa ntchito yoti aganize mmalo mwako ndipo saganiza. Uyenera kutchula wekha malo ake, kuti tsiku lomwe mpata woterowo watseguka dzina lako limufikire lokha. Komanso iliyonse imamveka ngati wasowa pogwira, pomwe pa intavyu unkanena kuti mtima wako uli pa akaunti.

Yomwe ndinatumiza ndi iyi:

"Mayi, zikomo pondidziwitsa zotsatira, komanso pa nthawi yomwe munandipatsa. Ndinakhumudwa pang'ono chifukwa ntchitoyi ndinaifunadi, makamaka mutafotokoza zoti chaka chino mukusamutsira ma invoisi onse pakompyuta. Mpata ukadzapezeka ku akaunti, kumbali yolipira masaplaya kapena ya malipiro a antchito, chonde mudzandiganizire. Ndaikamo sivi yanga ndipo ndikuvomera kuti muisunge pachifukwa chimenechi."

Za ma invoisizo ndinaikamo dala, ndi zomwe tinachezapo nthawi yaitali ndiye aziti akawerenga akumbuke nkhope. Za kuvomera kusungazo anandiuza ndi achemwali, makampani ambiri amafufuta zikalata za omwe sanatengedwe pakapita miyezi ingapo, maiko ena malamulo oteteza zinsinsi za anthu amawakakamiza kutero pokhapokha mwiniwake atalola. Ndinadina Reply pa imelo yawo yomweyo osati kuyamba yatsopano, kuti dzina la ntchito ndi nambala yake zikhale pamutu pomwepo asavutike kufufuza kuti ameneyu ndi uti. Funso loti ndinaperewera pati ndinalichotsa, ndinaona kuti zopempha ziwiri mkalata imodzi china chimira.

Ndisanatumize ndinatsegula sivi ija, abale, pamwamba pali nambala yanga yakale ija ndinasiya! Nthawi yonseyi tinkalumikizana pa imelo ndiye sindinazindikire. Ndikanapempha anthu kuti adzandiimbire pa nambala yakufa.

Imelo yanga inapita 3 koloko masana. Cha m'ma 5 mayi aja anayankha, mizere iwiri yokha, akuti alandira ndipo aisunga miyezi 6, koma ndikaona ntchito yalengezedwa ndidzalembere ndithu ngati wina aliyense chifukwa panelo imangoona okhawo alembera. Ndinafuna kuyankhanso kuthokoza kotalika, achemwali akuti ayi, zikomo mmodzi wakwana, ukachulutsa uyamba kutopetsa.

Ndaika chikumbutso pafoni choti ndiziona tsamba lawo la ntchito Lolemba lililonse, china cha miyezi itatu kutsogoloku, nthawi yomwe pulobeshoni ya mnzanga wamwayi uja ingakhale ikutha. Sindikumufunira zoipa ayi. Mwina pang'ono chabe.