Sabata imene ndinaphunzitsa kompyuta kufufuta mafayilo a misonkhano

Lolemba m'mawa mayi amene amalemba za misonkhano ya bodi anandipeza ndisanakhale n'komwe pampando. "Achimwene, kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano ikukana kujambula, ikuti malo atha." Ine ndiye woona za makompyuta pa ofesi yathu ku Lilongwe, ndipo vutoli ndinkalidziwa kale. Msonkhano uliwonse timaujambula ndi pulogalamu ya OBS, mafayilo ake n'kumagwera mu foda ya pa seva yaing'ono ya Debian imene ili pakona mu ofesi mwanga. Msonkhano wa maola awiri umatenga pafupifupi 2.4 GB. Diski ya 500 GB inali itadzaza chifukwa palibe amene ankalimba mtima kufufuta chilichonse. Sindiwadzudzula. Mawu amene anthu anagwirizana pa ndalama za bungwe akakhala mu fayilo imodzi yokha, dzanja limalemera.

Ndinasamutsira mafayilo akale angapo pa diski ina kuti msonkhano wa tsikulo ujambulidwe, kenako ndinayamba kulemba sikiripiti yoti izigwira ntchito usiku uliwonse: kuchepetsa vidiyo, kuikweza ku Google Drive ya bungwe, n'kufufuta yoyambirira ija. Kuchepetsako kumathandiza kwambiri kuno kwathu. Intaneti yathu imakweza pa liwiro la pafupifupi 4 Mbps, ndiye fayilo ya 2.4 GB imafuna mphindi 80. Ikapanikizidwa ndi ffmpeg pa `-crf 28`, mawu n'kuikidwa pa 64k, imatsika kufika cha m'ma 310 MB, ndipo imakwera m'mphindi 10 zokha. Vidiyo ya msonkhano ndi anthu atakhala patebulo komanso zolemba pa sikirini, sisuntha kwambiri, n'chifukwa chake imachepa chonchi koma manambala a pa sikirini n'kumawerengekabe.

Mu crontab, momwe mumalembedwa ntchito zoti pulogalamu ya cron iziyendetsa yokha pa nthawi yake, ndinaikamo mzere uwu, woti ntchito iziyamba 11:30 usiku anthu onse atachoka pa intaneti:

```
30 23 * * * /usr/bin/flock -n /tmp/misonkhano.lock /home/ofesi/usiku.sh >> /home/ofesi/usiku.log 2>&1
```

`flock -n` ndi woletsa kuti ntchito ya lero isayambe pamene ya dzulo idakali mkati. Mafayilo ndinkawasankha ndi `find` pogwiritsa `-mmin +60`, kutanthauza okhawo amene papita ola lathunthu asanasinthidwe, kuti msonkhano ukapitirira mpaka usiku sikiripiti isagwire fayilo imene OBS ikulembabe. Pa mzere wofufuta ndinaika `echo` kutsogolo kwa `rm`, kuti kompyuta izingolemba mu logi zimene ikanafufuta, osafufutadi. Ndinadziuza kuti `echo` ameneyu sachoka mpaka Lachisanu.

Lachiwiri silinavute. Ndinali nditasiya fayilo imodzi yoyesera, ndipo logi inaonetsa kuti inapanikizidwa bwino koma sinakwere: `rclone: command not found`. Pulogalamuyi, yomwe imakweza mafayilo ku Google Drive, ndinaiika ndekha mu `/usr/local/bin`, pamene cron wa pa Debian amangoyang'ana mu `/usr/bin` ndi `/bin` ngati sunamuuze zina. Ndinalemba njira yonse ya rclone mu sikiripiti, n'kuikamo mafayilo awiri enieni oti agwiridwe usiku umenewo.

Lachitatu ndi limene ndikufuna kufotokoza bwinobwino. Nditatsegula logi, fayilo yoyamba, `bodi-lolemba.mkv`, inaoneka kuti yadutsa paliponse. ffmpeg anamaliza osadandaula, rclone anakweza, `rclone check` anati palibe kusiyana, ndipo pansi pake panali mzere wa `rm` wosonyeza kuti yoyambirira ikanafufutidwa. Cholakwika chokha chinali pa fayilo yachiwiri, pamene logi inati `3-bajeti.mkv: No such file or directory`. Koma dzina lenileni la fayiloyo linali `q3-bajeti.mkv`, ndipo linayenera kubwera ndi njira yake yonse kutsogolo. Zilembo zakutsogolozo zinapita kuti?

Ndinatsegula Google Drive kuti ndione yoyamba ija. Msonkhano wa maola awiri unali 1.1 MB. Nditaisewera ndinaona wapampando akukonza maikolofoni, akuti "Tiyambe ndi pemphero," basi vidiyo n'kutha. Masekondi 7. Thupi linandizizira, chifukwa pakanapanda `echo` uja, msonkhano wonse wa bodi ukanatsala masekondi 7 amenewo, logi ikunena kuti zonse zili bwino.

Chimene chinachitika ndi ichi. Sikiripiti yanga inkalandira mayina a mafayilo kuchokera kwa `find` kudzera mu paipi, n'kumawerenga limodzilimodzi ndi `while read`. ffmpeg akamagwira ntchito amamvetsera makiyi amene munthu angadine, ndipo amawawerenga pa khomo lomwelo pamene pankadutsa mayinawo. Ndiye ali mkati mopanikiza fayilo yoyamba, anayamba kudya zilembo za dzina lachiwiri ngati kuti wina akuzidina pa kiyibodi. Anadya `/srv/misonkhano/` yense, n'kufika pa `q`. Kwa ffmpeg, `q` ndi lamulo loti aime. Ndipo amaima mwaulemu: amatseka fayilo bwinobwino kuti iziseweredwa, n'kutuluka ndi nambala 0, yomwe imatanthauza kuti zatheka. Lolemba sizinaoneke chifukwa fayilo inali imodzi, panalibe dzina lina loti adye.

Mankhwala a vuto limenelo ndi mawu amodzi, `-nostdin`. Koma chimene chinandisowetsa mtendere ndi `rclone check`, amene ndinkamudalira ngati mlonda wa pageti. Iye sananame. Ntchito yake ndi kuyerekeza kukula kwa fayilo ndi nambala yake ya MD5 pakati pa seva ndi Google Drive, ndipo fayilo ya masekondi 7 ya kuno inalidi yofanana ndi ya masekondi 7 ya uko. Anatsimikiza kuti katundu wafika monga ananyamukira. Zoti m'thumbamo munali chimanga chokwanira ponyamuka, silinali funso lake, ndipo ine sindinaike wina woti afunse.

Masana onse ndinakhalira kulemba mlonda wachiwiriyo. ffprobe amatha kunena utali wa vidiyo m'masekondi:

```
ffprobe -v error -show_entries format=duration -of csv=p=0 "$f"
```

Tsopano sikiripiti imafunsa utali wa yoyambirira ndi wa yopanikizidwa. Zikasiyana kupitirira masekondi 2, kapena yankho likabwera lopanda nambala, fayiloyo sikwera, sifufutidwa, ndipo dzina lake limalembedwa mu logi ndi mawu akuti `ONANI`. Ndinalola masekondi 2 chifukwa mautali awiriwa safanana ndendende, amasiyana pang'ono chifukwa cha mmene mawu amadulidwira. Pa `bodi-lolemba.mkv`, yoyambirira inali masekondi 7214, yoipa ija 7, ndipo nditaipanikizanso inatuluka 7214 ndi kachidutswa. Lamulo lopanikiza linakhala chonchi:

```
ffmpeg -nostdin -y -i "$f" -c:v libx264 -crf 28 -preset medium \
  -c:a aac -b:a 64k -ac 1 -f mp4 "$out.part"
```

Fayilo imayamba ndi dzina lothera `.part`, ndipo imalandira dzina lake lenileni la `.mp4` pokhapokha utali ukagwirizana. `-f mp4` akufunika chifukwa ffmpeg amadziwira mtundu wa fayilo ku mapeto a dzina, ndipo `.part` sakumudziwa.

Sindinayembekezere kuti `.part` ayesedwa usiku womwewo. Magetsi anazima, batire ya seva inapirira mpaka cha m'ma 1 koloko n'kutha. Lachinayi m'mawa ndinapeza fayilo yotsala theka, ndipo ffprobe anati `moov atom not found`. MP4 imalemba mlozera wake kumapeto, ndiye ikadukira panjira siseweredwa n'komwe. Popeza inali idakali `.part`, sikiripiti sinaiwerenge ngati yomaliza, ndipo usiku wotsatira inangoyambiranso. Loko ya flock sinatsekereze chilichonse, chifukwa imamasuka yokha pulogalamu ikafa ngakhale fayilo ya lokoyo itatsala. Dziwaninso kuti cron sabwezera ntchito imene yaphonyedwa. Seva ikakhala yozima 11:30, usiku umenewo wapita. N'chifukwa chake sikiripiti yanga sifunafuna mafayilo a lero, imafunafuna aliwonse amene sanamalizidwe, kaya ndi a dzana kaya a mwezi watha.

Tsiku lomwelo ndinakonza za kufufuta. Abwana anafunsa chifukwa chimene sitingangogwiritsa `rclone move`, amene amakweza n'kufufuta nthawi imodzi, monga anamvera kwa mnzawo wa ku bungwe lina. Ndinawayankha kuti `move` amateteza fayilo imene akukweza, koma imene ife tikuopa kutaya ndi yoyambirira, yomwe iye saiona. Tinagwirizana kuti yoyambirira izidikira sabata yathunthu itakwera, kuti mayi alembi akhale ndi mpata wotsegula ya pa Google Drive n'kumva ngati mawu akumveka. Utali ukhoza kugwirizana koma mawu atasowa, ndipo khutu la munthu ndi limene limagwira zimenezo msanga.

Apa panali msampha wina umene ndinauona ndisanagweremo. Ndikanawerenga sabatayo kuchokera pa deti la fayilo yoyambirira, mafayilo onse akale, a miyezi yapitayo, akanafufutidwa usiku womwe akwera, chifukwa onse ndi opitirira sabata kale. Choncho fayilo ikadutsa alonda onse awiri, sikiripiti imapanga kafayilo kopanda kanthu kothera `.ok` pambali pake, ndipo masiku amawerengedwa kuchokera pa kameneka. Ndimagwiritsa `-mtime +7`, amene kwenikweni amatanthauza masiku 8 athunthu, poti `find` amataya maola otsalira powerenga. Tsiku lofufuta likakwana, sikiripiti imayendetsanso cheke pa fayilo imeneyo:

```
rclone check /srv/zopanikiza drive:Misonkhano --one-way --include "$dzina"
```

Zili choncho chifukwa m'sabata imeneyo wina akhoza kufufuta kapena kusuntha fayilo ya pa Google Drive osadziwa. Cheke ikalephera, kaya chifukwa intaneti yaduka, palibe chimene chimafufutidwa. Diski kudzaza ndi vuto la mawa, lomwe ndingalikonze ndi diski ina.

Lachisanu logi inali yoyera: mafayilo 9 akale anapanikizidwa, mautali anagwirizana, onse anakwera. Ndinaitana mayi alembi kuti asankhe atatu mwa iwo okha. Anavala mahedifoni, n'kumadumphira pakati ndi kumapeto kwa msonkhano uliwonse, pamene pamakhala mfundo zomangidwa. Pa wachitatu anaimitsa, n'kubwereza kawiri pamene msungichuma ankawerenga manambala. "Akumveka, achimwene. Ngakhale aja amakhala kumapeto kwa tebulo aja akumveka." Atatuluka ndinachotsa `echo` kutsogolo kwa `rm`. Timafayilo ta `.ok` toyamba tinapangidwa usiku wa Lachinayi, ndiye palibe chimene chifufutidwe mpaka kumapeto kwa sabata yamawa, ndipo ndalemba pa kalendala kuti m'mawa mwake ndiyambe ndatsegula logi ndisanapite kukatenga tiyi.