Deti yasintha, ndipo ndauza timu popanda kuloza munthu chala

Mitingi ija yatha bwino, palibe watuluka atakwiya, koma zomwe ndadutsamo kuti tifike pamenepa zanditopetsa zedi. Pulojekiti yathu ndi yosamutsa mayina a makasitomala kuchoka mu sisitimu yakale kupita mu yatsopano. Imayenera kuyamba kugwira ntchito pa 14 Malichi, pano tasunthira pa 4 Epulo.

Nkhani yake ili chonchi: pulani inapereka masiku atatu osamutsira deta poganiza kuti detayo ili bwinobwino. Titaitsegula tinapeza munthu mmodzi analembedwa kawiri katatu, dzina lomwelo masipelo osiyana, manambala a foni ena osakwanira. Ndiye kutesita sikungayambe deta isanakonzedwe, kuphunzitsa anthu ogwiritsa ntchito sisitimuyo nakonso kumadikira kutesita kuthe. Chikachedwa chimodzi zonse zakumbuyo zimaima.

Musaitane mitingi mulibe deti yatsopano m'manja. Mukangonena kuti "tachedwa" n'kukhala chete, anthu amayamba kuyang'anana kufuna wolakwa. Ine ndinayamba ndakhala pansi ndi mnyamata amene akusamala deta, awiriwiri, ndinamufunsa kuti achimwene, kuti izi zikonzeke bwinobwino osathamanga mukufuna nthawi yaitali bwanji? Anati masabata awiri. Otesita anati sabata yawo imodzi ija ikhale momwemo. Ndinawonjezera sabata ina yoti tikonzere zomwe kutesitako kudzavumbulule, chifukwa deta yotere siingadutse ulendo umodzi. Awiri kuphatikiza imodzi, masabata atatu, ndi mmene 4 Epulo inabwerera, sinachoke m'mutu mwanga ayi.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi ofesi yovomereza kusintha kwa pulani. Fomu yawo ili ndi kabokosi koti ulembe amene wachititsa kuchedwa. Ine ndinalembapo chifukwa chake, kuti nthawi yomwe tinaika sinawerengere kukonza deta. Anaibweza, akuti tikufuna dzina kapena dipatimenti. Dzina la ndani?? Deta imeneyi yalembedwa ndi anthu ambirimbiri kwa zaka, ena anasiya ntchito kalekale, pulani tinaivomereza tonse pamodzi ndi iwo omwe, ndiye ndikalembepo mnyamata amene wapeza vutolo, amene watipulumutsa kuti tisalowetse zinyalala mu sisitimu yatsopano? Tsiku lonse linathera pa khomo pawo kudikira siginecha, uku manong'onong'o ayamba kale kuti pulojekiti yagwa ndipo wina achotsedwa ntchito. Mapeto ake bwana wawo anavomera kuti m'kabokosimo mulembedwe gawo la ntchito, "kusamutsa deta", osati munthu. Zomwe akanatha kuvomera m'mawa momwe.

Iiih ndimaiwala, mnyamata wa deta uja ndinamuwerengera mawu onse omwe ndikanene mitingi isanachitike. Izi musadumphe. Munthu amene ntchito yake ili pamalo pomwe zinthu zaima asamvere pagulu koyamba. Ndipo iye ndi amene anandithandiza kuona kuti ngakhale mawu oti "deta yachedwa" amaloza iyeyo, poti aliyense akudziwa amene amaigwira. Kubisa dzina kokha sikukwanira.

Mu mitingi ndinayamba ndi deti, osazungulira. Ndinati: "Anzanga, tsiku loyambira lasintha kuchoka pa 14 Malichi kupita pa 4 Epulo. Pulani yathu inapereka masiku atatu osamutsira deta, koma tapeza kuti ikufunika kukonzedwa kaye, ndipo ntchito imeneyo ndi ya masabata awiri. Ndi bwino kuti zadziwika pano makasitomala asanakhudzidwe." Kenako aliyense ndinamuuza zake: otesita ayamba liti, ophunzitsa asinthe masiku ati, ndi zomwe sizikusintha, monga zomwe sisitimuyo izichita, palibe chachotsedwa. Anthu akuluakulu safuna kunyengereredwa, amafuna kudziwa kuti Lolemba agwire chani.

Wina anafunsabe, mwaulemu ndithu, kuti kodi palibe amene anaona detayi poyamba? Sindinazembe. Ndinati ayi, mu pulani munalibe gawo loyeza deta tisanaike masiku, pa gawo lotsatira tiziyamba ndi kutenga mayina ochepa n'kuona mmene alili. Funso lotere mukalithawa anthu amaganiza kuti pali amene mukumuteteza.

Ndibwerezenso, deti yatsopano ikhale m'manja musanatsegule pakamwa, ndipo ichokere kwa ogwira ntchitoyo. Mukaidula kuti musangalatse mabwana mudzaimanso kutsogolo kwa anthu omwewo ndi deti yachitatu, pamenepo palibe adzakukhulupirireni.

Titangomaliza ndinatumiza imelo yaifupi ya mawu omwewo ndi masiku a gawo lililonse, kuti omwe kunalibe asamve za m'maluwa. Tagwirizana kuti Lachisanu lililonse tiziona kuti mayina okonzedwa afika angati, ndipo ngati pakutha pa sabata yoyamba sitinafike theka, tikambirana pompo zowonjezera munthu wina pa deta osadikira kuti 4 Epulo iyandikire.